Mnzanu pa bizinesi wapata kontrakiti yaikulu: mafunso ndi mayankho pa kumuyamikira ndi kutsegula mpata wogwira naye ntchito

Mafunso awa amachokera kawirikawiri kwa eni makampani ang'onoang'ono pamene kampani imene amachita nayo malonda yapata ntchito yaikulu. Kuti mayankho asakhale a m'malere, tiyenda ndi chitsanzo chimodzi. Inu muli ndi kampani ya zamtengatenga ya malole anayi onyamula miyala ndi mchenga. Mnzanu ali ndi kampani yomanga, ndipo mwamunyamulirapo katundu kangapo m'mbuyomu. Tsopano wawina tenda yomanga nyumba yaikulu yosungiramo katundu, ntchito ya miyezi 14. Ngati inu mumagulitsa zipangizo, mumabwereketsa makina kapena mumawerengera anthu ndalama, sinthani malolewo ndi ntchito yanu. Njira yake ndi yomweyo.

Ndamva kuti wawina. Ndimutumizire uthenga lero lomwe?

Yambani mwadzifunsa kuti nkhaniyi mwaimva kuti. Ngati wanena yekha, kapena eni ntchito alengeza poyera, tumizani lero kapena mawa. Masiku awiri akapitirira, uthenga wanu umafika pambuyo pa ambirimbiri, ndipo ukafika patatha sabata ziwiri umaoneka ngati wa munthu amene anayamba wawerengera phindu lake kenako n'kukumbukira zoyamikira.

Koma mawu akuti "wawina" amasokoneza, chifukwa pa ma tenda aakulu pamakhala masitepe atatu amene anthu amawatchula ndi mawu amodzi omwewo. Loyamba ndi chidziwitso chakuti eni ntchito akufuna kupereka kontrakiti kwa kampani yakuti. Pamenepa ntchito isanakhale ya aliyense, pamatsatira nthawi yodikira kuti amene aluza adandaule ngati akuona kuti sizinayende bwino. Pa ntchito zothandizidwa ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse, nthawi imeneyi imakhala masiku 10 ogwira ntchito. Lachiwiri ndi kalata yovomereza tenda. Lachitatu ndi kusainirana. Dandaulo limodzi lomveka likhoza kuimitsa zonse pakati pa sitepe yoyamba ndi yachiwiri, ndipo munthu amene akudikira ndi mtima uli m'mwamba sasangalala ndi uthenga womuchemerera ngati zatha kale. Chidziwitso choyambacho chikakhala kuti chatuluka poyera, mukhoza kulemba mzere umodzi wonena kuti mwachiona ndipo mukumufunira zabwino pa zimene zatsala. Kuyamikira kwenikweni kudikire kalata yovomereza.

Ngati mwamva kuchokera kwa munthu wa m'kati mwa komiti younika ma tenda, kapena kwa wantchito wa mnzanuyo amene wangotsetsereka pakamwa, khalani chete. Uthenga wolembedwa umene ukuonetsa kuti zotsatira zinadziwika zisanalengezedwe ukhoza kukhala umboni m'manja mwa wodandaula, ndipo wovulala ndi mnzanu yemwe mumafuna kumusangalatsayo.

Ndiimbe foni, ndilembe uthenga kapena ndipite ku ofesi kwake?

Gwiritsani njira imene mumalankhulirana masiku onse. Ngati mumalemberana pa WhatsApp, lembani pomwepo. Kalata ya chidindo cha kampani kwa munthu amene mumaseka naye pa foni imamveka yachilendo. Ngati ubale wanu ndi wa maimelo ndi mainvoisi, lembani imelo. Ife timakonda uthenga wolembedwa kuposa foni pa tsiku loyamba, chifukwa sukakamiza munthu kuyankha nthawi yomweyo, komanso umakhalabe m'foni mwake tsiku limene adzayambe kufunafuna malole. Kupita ku ofesi osaitanidwa ndiye ayi. Munthu akakuonani mwakhala pa benchi ya alendo tsiku lotsatira chilengezo, amadziwiratu chimene mwabwerera musanatsegule pakamwa.

Kuyamikira poyera, monga pansi pa chilengezo chake pa LinkedIn, n'kwabwino, koma kukhale kwa mzere umodzi ndipo kusatchule malole anu. Kulengeza malonda anu pansi pa chisangalalo cha mnzanu kumaonedwa ndi aliyense, kuphatikizapo eni ntchito.

Uthengawo ukhale ndi chiyani kwenikweni?

Zinthu zitatu, ndipo kukula kwake kusafanane. Gawo lalikulu likhale kuyamikira kotchula ntchitoyo ndi dzina lake. Gawo lachiwiri ndi chinthu chimodzi choona chimene inu munaona pa kagwiridwe kake ka ntchito, chosonyeza chifukwa chake simukudabwa kuti wawina. Gawo lachitatu, laling'ono kwambiri, ndi chiganizo chimodzi chotsegula khomo popanda kupempha kanthu. Uthenga wonse usapitirire ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mwachitsanzo:

"Bwana, ndaona chilengezo cha ntchito yomanga nyumba yosungiramo katundu ija. Mwachita bwino kwambiri, inu pamodzi ndi anthu anu onse. Ine sindikudabwa: pa ntchito ija tinakunyamulirani miyala chaka chatha, mvula inavuta koma maziko munamaliza tsiku limene munalonjeza. Ndikudziwa kuti masabata akubwerawa mukhala otanganidwa, choncho musavutike n'kuyankha. Zikadzakhazikika, ngati nkhani ya kanyamulidwe ka miyala ndi mchenga idzafunike maganizo a wina, ife tilipo. Zabwino zonse."

Taonani zimene mulibe mu uthengawu. Mulibe mtengo, mulibe pempho lokumana, mulibe chikalata chofotokoza kampani yanu chomatidwa pansi, mulibe funso. Kusowa kwa funso n'kofunika kwambiri, chifukwa funso lililonse ndi ngongole ya yankho, ndipo munthu wotanganidwa akaona uthenga wofuna kuganizira amausiya kuti adzayankha mawa, mawa lake osafika. Mawu akuti "musavutike n'kuyankha" amamumasula, ndipo nthawi zambiri ndi amene amachititsa kuti ayankhe.

Gawo lachiwiri lija ndi limene anthu amalumpha, chonsecho ndi limene limanyamula uthenga wonse. Limachita ntchito ziwiri nthawi imodzi. Limasonyeza kuti uthengawu walembedwera iye, si wotumizidwa kwa aliyense wowina tenda, komanso limamukumbutsa kuti munagwirapo ntchito limodzi ndipo inayenda, inu osadzitama. Likhale loona. Ngati ntchito imene munagwira limodzi inali ndi mikangano ya malipiro, musaitchule. Sankhani china, kapena siyani gawoli.

Uthenga umene umalephera umamveka chonchi: "Zabwino zonse bwana, Mulungu wakuonani! Musatiiwale ifenso, tidyeko nawo." Ukhoza kunenedwa moseka, koma wolandira amamva kuti kontrakiti yake ikuonedwa ngati chuma chogawana, pamene iye akuona ntchito imene sanayambe n'komwe ndi ngongole za ku banki zimene zikubwera. Tsiku limenelo walandira mauthenga otere ambiri, ndipo wanu ungolowa mu mulu womwewo.

Bwanji osangonena mosabisa kuti ndikufuna andigawireko ntchito? Si chinyengo kuzungulira chonchi?

Si chinyengo, chifukwa simukubisa kanthu. Chiganizo chotsegula khomo chija chikutchula ntchito yanu momveka: miyala ndi mchenga. Mnzanuyo ndi munthu wa bizinesi, amvetsa. Kuchita mwakachetechete sikutanthauza kulankhula zosamveka. Mawu ngati "tidzaone zimene tingachitire limodzi" ndi amene ali opanda ntchito, chifukwa amamusiyira iye ntchito yoganiza kuti inu mungathandize pati.

Chifukwa chachikulu chodikirira ndi nthawi. Walira mvula walira matope: masabata oyamba pambuyo pa kalata yovomereza ndi ovuta kwa wowina. Pa makontrakiti omanga otsatira malamulo a 1999 a FIDIC, bungwe la padziko lonse la mainjiniya alangizi, malamulo amene amagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, kontrakitala ali ndi masiku 28 chilandirireni kalatayo kuti apereke chikole cha ku banki chotsimikizira kuti adzagwira ntchito, ndipo chikolecho nthawi zambiri chimakhala 10 peresenti ya mtengo wa kontrakiti. Tsiku loyamba ntchito limayenera kugwa mkati mwa masiku 42, pokhapokha kontrakiti itanena zina. Pamwamba pa izi pali inshulansi, ndondomeko ya ntchito yoti apereke kwa injiniya woyang'anira, ndi kusamutsa makina. M'sabata yoyamba mutu wake uli ku banki. Mukapempha ntchito pamenepo, yankho limakhala "tidzakuuzani", ndipo mukalandira yankho limeneli kamodzi kumavuta kufunsanso. Nkhani ya malole imafika pa tebulo lake pamene akukonza ndondomeko ya ntchito, sabata yachiwiri kapena yachitatu. Pempho lanu likumane naye pamenepo.

Wayankha kuti "zikomo kwambiri" basi. Nditani tsopano?

Musawerenge zambiri m'mawu awiriwa. Si kukana, si kuvomera. Musayankhenso ndi uthenga wina wautali. Dikirani masiku 10 mpaka 14, ndipo nthawi imeneyi muigwiritse ntchito kukonza chimene mudzanene. Uthenga wachiwiri ndi wa bizinesi, ndipo usadzibise ngati moni:

"Bwana, ndikhulupirira zokonzekera zikuyenda bwino. Ndili ndi malole atatu a matani 15 amene akhala omasuka kuyambira pa 1 mwezi wamawa, kwa miyezi inayi. Ngati za miyala ya maziko simunatseke kale, ndingakonde mphindi 20 ndi inu kapena ndi amene akuyang'anira zogula. Ngati munapangana kale ndi ena, palibe vuto, mungondiuza."

Chiganizo chomalizacho chimamupatsa njira yokanira popanda manyazi, ndipo n'chimene chimateteza ubale wanu. Anthu ambiri amasiya kuyankha foni za mnzawo osati chifukwa chodana naye, koma chifukwa chosowa mawu okanira.

Mayankho ena amanena zambiri. Akafunsa kuti "malole anu ndi angati pano?" kapena akakupatsani nambala ya manijala wa ntchitoyo, khomo latseguka, ndipo muyankhe tsiku lomwelo ndi manambala enieni. Akanena kuti "tidzakambirana zikakhazikika", funsani kuti mudzamukumbutse liti, ndipo mudzatero pa tsiku limenelo, osati lisanafike. Uthenga wachiwiri ukapanda kuyankhidwa, mukhoza kukumbutsa kamodzi patatha sabata ziwiri. Kachitatu ndi kuvutitsa.

Ndidziwa bwanji mbali imene angafune thandizo?

Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa amapereka zimene ali nazo m'malo mwa zimene mnzawoyo akusowa. Pa ma tenda a poyera, chilengezo choitanira makampani chimafotokoza kukula kwa ntchito, malo ake ndi nthawi yake, ndipo amene anagula zikalata za tenda anaona mndandanda wa kuchuluka kwa zipangizo. Inunso mumamudziwa mnzanuyo: ali ndi malole angati ake, ali ndi ntchito zina zingati zimene zikuyenda. Kampani imene ili ndi malole awiri, onse ali pa ntchito ina, singathe kuthira maziko a nyumba yaikulu popanda kubwereka. Umenewo ndiye mpata wanu.

Kenako werengerani zimene mungakwanitse, musanalonjeze. Tinene kuti kokumba miyala kuli pa mtunda wa makilomita 40 kuchokera pamalo omangapo. Ulendo wopita ndi kubwera, kuphatikiza kudikira pamzere, kupakira ndi kutsitsa, utenga pafupifupi maola awiri ndi theka. Pa tsiku la maola asanu ndi atatu, lole imodzi ichita maulendo atatu. Malole atatu a matani 15 ndiye kuti maulendo 9, matani 135 pa tsiku. Imeneyi ndi nambala imene manijala wa ntchito angaiike mu ndondomeko yake. Mwaona kuti tawerengera malole atatu pamene muli nawo anayi. Yachinayi ndi yodikirira tsiku limene ina yafa giyabokosi, komanso ndi yosamalira makasitomala anu akale, amene adzakhalapobe ntchito yaikuluyi ikadzatha. Amene amalonjeza malole onse amaoneka wamphamvu pa msonkhano, n'kudzachita manyazi sabata yachitatu pamene makina osakanizira konkire aima kudikira miyala.

Dziwaninso kuti mwina manja ake ndi omangika. Pa ma tenda ena, makampani othandizira amatchulidwa kale m'zikalata za tenda, ndipo kuwasintha si kophweka. Malamulo a FIDIC aja salola kontrakitala kupereka ntchito yonse kwa ena, ndipo wogawiridwa ntchito amene sanatchulidwe mu kontrakiti amafunika chilolezo cha injiniya, ngakhale kuti ogulitsa zipangizo chabe safunika chilolezochi. Choncho zikalata zanu zikhale zokonzeka musanapemphe msonkhano: satifiketi ya kampani, umboni wakuti msonkho mumalipira, inshulansi ya malole, malaisensi a madalaivala. Mnzanu akhoza kukufunani ndi mtima wonse, koma ngati inshulansi ya lole imodzi inatha mwezi watha, sangakuikeni pamaso pa injiniya.

Ifenso tinapikisana nawo pa tendayo ndipo tinaluza. Ndingayamikirebe n'kupempha gawo?

Kuyamikira, inde, ndipo uthenga wa woluza umakumbukika kuposa ena onse. Ukhale waufupi, wopanda mawu oluma ngati "mitengo yanu ija sitikudziwa kuti mukwanitsa bwanji". Koma chiganizo chotsegula khomo chija muchichotse. Malangizo a 2009 a OECD, bungwe la maiko ogwirizana pa zachuma ndi chitukuko, olimbana ndi kupangana mwachinyengo pa ma tenda, amatchula, pakati pa zizindikiro zokayikitsa, wowina amene amagawira ntchito makampani amene analuza pa tenda yomweyo. Chifukwa chake n'chakuti umu ndi mmene opangana amalipirana: wina amaika mtengo wokwera dala kuti aluze, n'kudzalandira gawo pambuyo. Inu mukhoza kukhala oyera, koma uthenga wopempha gawo tsiku lotsatira chilengezo umafanana ndendende ndi wa opanganawo.

Kugwira ntchito pansi pa wowina nthawi zambiri sikuletsedwa, koma werengani kaye zikalata za tendayo, chifukwa zina zimaletsa. Ngati n'kololedwa, dikirani mpaka asainirane, nkhaniyo iyambe ndi kotesheni yolembedwa, ndipo eni ntchito adziwitsidwe. Ndipo ngati mukuganiza zopereka dandaulo pa zotsatira za tendayo, sankhani chimodzi. Simungadandaule ndi dzanja lamanja n'kupempha gawo ndi lamanzere. Zimaoneka ngati mukugulitsa dandaulo lanu.

Nanga mphatso?

Siyofunika. Makampani ambiri aakulu ali ndi malamulo oti mphatso zilembedwe m'kaundula kapena zibwezedwe, ndipo mphatso imene yatsatiridwa ndi kotesheni patatha masiku khumi imasintha dzina. Ngati mwini kampaniyo ndi mnzanu wakale ndipo mumapatsana zinthu nthawi zonse, kanthu kakang'ono koti antchito onse a mu ofesi agawane sikalakwika. Kwa manijala wa zogula payekha, musapereke chilichonse. Kwa wogwira ntchito ku mbali ya eni ntchito, ngakhale kumuthokoza chifukwa chosankha mnzanu musayerekeze.

Wavomera kuti tikumane. Ndi chiyani chimene chimawononga ubale pa sitepe imeneyi?

Malipiro. Chisangalalo cha kontrakiti yaikulu chimachititsa anthu kugwirana chanza n'kuyamba ntchito osakambirana kuti ndalama idzabwera liti. Tiyeni tiwerengere. Mwayamba kunyamula pa 1 mwezi woyamba, ndipo invoisi mwapereka kumapeto kwa mweziwo. Mnzanuyo nayenso amapereka chikalata chake cha ntchito ya mweziwo kwa injiniya, ndipo pa malamulo a FIDIC a 1999 eni ntchito ali ndi masiku 56 kuti alipire. Ngati mwagwirizana kuti adzakulipirani iye akalipidwa, ndalama yanu yoyamba ikhoza kufika patatha pafupifupi miyezi itatu chiyambireni, ndipo apo ndiye kuti palibe amene wachedwa. Miyezi itatu yonseyo dizilo, matayala ndi malipiro a madalaivala zikuchokera m'thumba mwanu, malole atatu akuyenda makilomita 240 iliyonse pa tsiku.

Choncho funsani mafunso awa pa msonkhano woyamba, mwaulemu koma osachita manyazi. Kodi malipiro anu adalira kuti iye walipidwa, kapena ali ndi tsiku lake, monga masiku 30 chiperekereni invoisi? Kodi eni ntchito apereka ndalama zoyambira ntchito, ndipo ngati apereka, angakupatseniko zogulira dizilo wa mwezi woyamba? Kapena iye azithira dizilo m'malole anu n'kumachotsera pa invoisi, njira imene imapepuza onse awiri? Mulipidwa pa tani kapena pa ulendo, ndipo amene azisainira matikiti a katundu pamalopo ndani? Lole ikaima maola atatu kudikira kutsitsa, nthawiyo alipira ndani? Zonsezi zilembedwe, ngakhale pa masamba awiri okha, ndipo onse asaine. Mnzanu akanena kuti "ife ndi anthu odziwana, mapepala n'ngachiyani", muyankhe kuti ndi a owerengera ndalama a mbali zonse ziwiri, ndipo zimenezo n'zoona.

Ngati mukukayika kuti thumba lanu lingapirire miyezi itatu, pemphani gawo laling'ono: lole imodzi, kapena miyala ya maziko yokha kwa milungu isanu ndi umodzi. Nkosavutanso kwa iye kuvomera gawo laling'ono, chifukwa sakuika ndondomeko yake yonse pa inu.

Wapereka ntchitoyo kwa kampani ina. Ndinene chiyani?

Muthokoze kuti wakuuzani, ndipo musafunse kuti enawo apereka mtengo wanji. Sangakuuzeni, ndipo funsolo limamuika pamalo ovuta. Chimene mungafunse ndi chakuti akuikeni pa mndandanda wa odzaitanidwa zinthu zikathina. Pa ntchito ya miyezi 14 masiku otere amabwera: sabata yothira konkire wa pansi imafuna miyala yambiri kuposa masiku ena onse, ndipo kampani imene yatenga ntchitoyo nayonso malole ake amawonongeka. Tumizani kwa manijala wa ntchitoyo tsamba limodzi lokhala ndi kukula kwa malole anu, mtengo wa pa tani, nambala ya foni imene imayankhidwa ngakhale Loweruka, ndi maola amene mungafunike kuti lole ifike pamalopo akakuitanani. Ngati mwalemba maola 24, akhaledi 24.

Ntchito zing'onozing'ono zimene mumamugwirira kale zipitirire monga kale, pa mtengo womwewo. Ndipo ngati ali ndi invoisi yanu yakale imene sanalipire, itsateni kudzera kwa owerengera ndalama monga mwa masiku onse. Musaitchule mu uthenga woyamikira, ndiponso musayambe kuikumbutsa mwaukali sabata imene wakukanani, chifukwa adzaona ngati mukubwezera.